Mutu wa imelo yotsatsa malonda a chaka chatsopano: momwe umadutsira pa sefa ndi kukhalabe waulemu

Mutu wa imelo ndi kamzere kamene kamaoneka m'bokosi la makalata, pafupi ndi dzina la wotumiza, kalata isanatsegulidwe. Kwa wamalonda amene watsitsa mitengo polowa chaka chatsopano, kamzereka kamakumana ndi oweruza awiri. Woyamba ndi sefa ya kampani yosunga maimelo, monga Gmail, Yahoo kapena Outlook, imene imagamula ngati kalatayo ikalowe m'bokosi lalikulu kapena ikaponyedwe ku sipamu, kumene kumapita makalata osafunika ndi achinyengo. Wachiwiri ndi munthu amene wagwira foni m'manja, yemwe pakamphindi kochepa amasankha kutsegula, kudumpha, kufufuta, kapena kudina batani lodandaula. Amalonda ambiri amaganiza kuti oweruza awiriwa amafuna zosiyana, moti kukondweretsa mmodzi n'kukhumudwitsa mnzake. Sizili choncho, chifukwa sefa zamakono zimaphunzira kwambiri pa zimene anthu olandira makalata amachita nawo.

Zimene sefa imayang'ana

Sefa zakale zinkadalira kwambiri malamulo olembedwa ndi anthu. Pulogalamu ya SpamAssassin, imene mabungwe ndi makampani ambiri osunga okha maimelo awo akugwiritsabe ntchito, imapatsa kalata mapointi pa cholakwa chilichonse, ndipo ngati eni ake sanaisinthe, kalata imene yafika mapointi 5 imatengedwa kuti ndi sipamu. Ena mwa malamulo ake amayang'ana mutu weniweniwo. La SUBJ_ALL_CAPS limagwira mutu wolembedwa m'zilembo zikuluzikulu zokhazokha, la PLING_QUERY limagwira mutu wokhala ndi chizindikiro cha mfuwu pamodzi ndi cha funso, ndipo la GAPPY_SUBJECT limagwira mawu olembedwa motalikitsa zilembo pofuna kuzemba. Nthawi zambiri lamulo limodzi palokha siligwetsa kalata. Chimene chimaigwetsa ndi kuunjikana kwa zolakwa zing'onozing'ono.

Mu 2002 Paul Graham analemba nkhani yotchedwa A Plan for Spam, imene inatchukitsa njira ina. M'malo molemba mndandanda wa mawu oletsedwa, pulogalamu imawerenga milu iwiri ya makalata, abwino ndi oipa, n'kuphunzira yokha mawu amene amapezeka kwambiri m'mulu uliwonse. Njirayi sisankha chilankhulo, choncho kulemba mutu m'Chichewa si pobisalira. Ngati anthu ambiri aponya ku sipamu makalata okhala ndi mawu akutiakuti, mawuwo amada, kaya ndi a Chingerezi kaya ndi a Chichewa.

Masiku ano makampani akuluakulu amapitirira pamenepo. Amafuna umboni wakuti kalata yachokeradi kumene ikunena, ndipo amasunga mbiri ya wotumiza aliyense. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Google ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo. Google inalamula kuti aliyense wotumiza makalata ku maadiresi a Gmail akhale ndi chimodzi mwa zitsimikizo ziwiri, SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza makalata 5,000 kapena kuposerapo pa tsiku akhale ndi zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC, komanso njira yoti wolandira adzichotse pa mndandanda pongodina kamodzi. Microsoft inatsatira ndi malamulo ofanana nawo mu 2025. SPF imanena makompyuta amene ali ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina la domeni ya kampani, DKIM ndi siginecha yobisika imene imaikidwa pa kalata iliyonse, ndipo DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera mayeso awiriwa.

Koma nambala imene wamalonda ayenera kuiloweza pamtima ndi ya madandaulo. Google imati chiwerengero cha anthu odina batani la sipamu chizikhala pansi pa 0.1 peresenti ndipo chisafike 0.3 peresenti. Pa makalata 1,000 amene alowa m'mabokosi, ameneyo ndi munthu mmodzi pa malire oyamba, ndi anthu atatu pa malire achiwiri. Apa m'pamene mutu umagwirira ntchito yake yaikulu. Mawu a pamutu paokha sagwetsa kawirikawiri kalata ya wotumiza wa mbiri yabwino, koma mutu umene wakwiyitsa anthu atatu pa 1,000 umaipitsa mbiriyo, ndipo makalata otsatira amalipira mlandu umenewo ngakhale atalembedwa bwino chotani.

Chovuta cha masiku olowa chaka

Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka sabata yoyamba ya Januwale, mabokosi amadzaza ndi makalata otsatsa malonda, ndipo mitu yake imafanana ngati yolembedwa ndi dzanja limodzi. Munthu amene wawerenga kale mafuno abwino a chaka chatsopano kuchokera ku banki, ku kampani ya foni ndi ku sitolo zingapo saonanso chachilendo pa mafuno ena. Nthawi yomweyo ndi imene amalonda ang'onoang'ono amene akhala chete chaka chonse amakumbukira kuti ali ndi mndandanda wa maadiresi, n'kutumiza kwa onse tsiku limodzi. Sefa imakayikira wotumiza amene wadzuka mwadzidzidzi ndi mtolo waukulu, ndipo olandira ambiri amakhala ataiwala kuti anaperekako adiresi yawo.

Ku Malawi palinso china. Januwale ndi mwezi wouma m'thumba: ndalama zinapita ndi Khirisimasi, teremu yachiwiri ya sukulu ikutsegulidwa, kumunda kukufunika feteleza, ndipo chimanga m'nkhokwe zambiri chayamba kuchepa. Mutu wolamula munthu kuti agule lero lomwe umamveka ngati wa munthu wosadziwa za moyo wa anzake. Komanso anthu anachenjera ndi mauthenga a pafoni a akathyali onena kuti munthu wawina ndalama kapena mphoto. Mutu wokhala ndi mawu monga "Mwawina", "Mwasankhidwa" kapena "Ulere" umakumbutsa mauthenga amenewo, ngakhale wolembayo ali ndi sitolo yeniyeni ndi katundu weniweni.

Sitolo ya nsapato ndi mayunifolomu

Mwachitsanzo, patakhala sitolo ku Limbe yogulitsa nsapato za sukulu, mayunifolomu ndi zikwama, imene yatsitsa nsapato kuchoka pa K25,000 kufika pa K20,000 mpaka pa 10 Januwale, ndipo ili ndi maadiresi 1,200 a makasitomala. Mutu umene umabwera msanga m'maganizo umakhala wotere:

SELO YA CHAKA CHATSOPANO!!! ULERE WOKHAWOKHA!!! MUKUDIKIRANJI?

Zolakwa zake n'zoonekeratu kwa sefa ya mtundu wa SpamAssassin: zilembo zikuluzikulu zokhazokha, zizindikiro za mfuwu zochuluka, ndi funso pamwamba pake. Koma zolakwa zake kwa munthu n'zazikulu koposa. Sukunena chimene chatsika mtengo, sukunena kuti chatsika ndi zingati, ndipo ukunama, pakuti nsapato ya K20,000 si yaulere. Amene watsegula poyembekezera zaulere n'kupeza mtengo amamva kuti wapusitsidwa, ndipo munthu wopusitsidwa ndiye amadina batani la sipamu.

Poopa zimenezi, ena amapita mbali ina n'kulemba mutu wofatsa koma wopanda kanthu: "Mafuno abwino a chaka chatsopano". Mutuwu sulakwira lamulo lililonse la sefa. Vuto lake ndi malo. Mafoni ambiri amaonetsa zilembo pafupifupi 30 mpaka 40 za mutu, zotsalazo n'kudulidwa, ndipo mawu amenewa okha, powerengera ndi mipata, atenga kale malo 32. Mawu a Chichewa ndi aataliatali, moti wolemba m'Chichewa amatha malowa msanga kuposa wolemba m'Chingerezi. Moni ukakhala patsogolo, nkhani ya nsapato imakagwera kuseri kumene palibe amene aione. Komanso mutu wa moni wokha pa kalata imene m'kati mwake muli malonda okhaokha ndi chinyengo chaching'ono, ndipo owerenga amachizindikira.

Mutu woyenera sitoloyi ungakhale uwu:

Nsapato za sukulu zatsika ndi K5,000

Uli ndi malo 36, ukutchula chinthu chimene kholo likufunafuna sabata imeneyo, ukutchula ndalama yeniyeni, ndipo zimene ukunena zikupezeka m'kalatamo. Kutchula ndalama kumaposa kutchula peresenti pamene ndalamayo ili yomveka, chifukwa K5,000 munthu amaiona m'maganizo nthawi yomweyo, pamene 20 peresenti imafuna kuti ayambe wadziwa mtengo wakale n'kuwerengetsa.

Moni uli ndi malo ake. Pafupi ndi mutu, mapulogalamu ambiri a imelo amaonetsa kamzere kena kotuwa, kamene kamatengedwa ku mawu oyamba a kalata, ndipo mapulogalamu otumizira makalata ambiri nthawi imodzi, monga Mailchimp, amalola kukalemba padera. Pamenepo sitolo ingalembe kuti: "Mwalowa bwanji chaka? Mtengowu ukhalapo mpaka pa 10 Januwale." Kamzereka kakasiyidwa kopanda kanthu, foni imangotenga mawu aliwonse amene ali pamwamba pa kalata, mwina ouza munthu kuti adine linki ngati zithunzi sizikuoneka, ndipo malo abwino amatayika choncho.

Kumene kufunda kumachokera

Mutu wofunda si mutu wodzaza mawu achikondi. Mawu monga "okondedwa athu apamtima" ochokera ku sitolo imene munthu anagulako kamodzi chaka chatha samukhudza mtima. Chimene chimakhudza ndi chizindikiro chakuti wolembayo akudziwa amene akumulembera ndi nyengo imene ali. Zili ngati kusiyana kwa wogulitsa amene amakuwira aliyense wodutsa pamsika ndi mwini golosale amene amauza kasitomala wake kuti sopo amene amakonda uja wabwera. Mutu wakuti "Sukulu ikutsegulidwa: nsapato zatsika" ukuonetsa kuti sitolo ikudziwa chimene chili m'mutu mwa kholo. Wakuti "Zikomo potigula chaka chatha, Mayi Phiri" ndi wabwino kwa kasitomala amene anaguladi, koma ndi wabodza kwa amene adiresi yake inangotoledwa.

Kuika dzina pa mutu kumafuna kusamala kwapadera. Mapulogalamu otumizira makalata ali ndi kachizindikiro kamene kamalowetsa dzina la munthu aliyense pamalo pake. Ku Mailchimp kachizindikiro ka dzina loyamba ndi aka:

```
*|FNAME|*
```

Mwambo umenewu unapangidwira anthu amene kwawo kutchula munthu dzina loyamba ndi chizindikiro cha ubwenzi. Kwa owerenga Chichewa, kutchula munthu wamkulu dzina loyamba lokha, popanda "a", "Bambo" kapena "Mayi", ndi mwano, ndipo mutu umene unayenera kufunda umasanduka wachipongwe. Njira yabwino ndi kuwonjezera gawo lina pa mndandanda, lolembamo momwe munthuyo amaitanidwira, monga Bambo Banda kapena Mayi Phiri, n'kumagwiritsa ntchito gawo limenelo. Pamene sitolo sikudziwa ngati mwini adiresi ndi bambo kapena mayi, kusiya dzina n'kwabwino kuposa kulota. Ndi bwinonso kuyang'ana mndandanda wonse kalata isanapite, chifukwa gawo losadzazidwa limasiya mutu wothera pa koma, ndipo dzina lolembedwa molakwika limaulula kuti walemba ndi makina. Mulimonsemo, mawu ake akhale aulemu: "bwerani", "mwalowa", osati "bwera" kapena "walowa".

Dzina la wotumiza limawerengedwa mutu usanawerengedwe. Likhale dzina limene makasitomala amaliona pa chikwangwani cha sitolo, ndipo lisasinthesinthe. Adiresi yoyamba ndi noreply imauza munthu kuti yankho lake silikufunika, pamene adiresi imene munthu angayankhe n'kuyankhidwa imathandiza pawiri: kasitomala amafunsa saizi ya nsapato, ndipo kukambirana koteroko kumasonyeza kuti kalatayo inali yofunika kwa wolandira.

Pali njira zingapo zimene zimakweza chiwerengero cha otsegula kwa tsiku limodzi koma n'kuwononga mbiri. Yodziwika kwambiri ndi kuyamba mutu ndi Re: kapena Fwd: kuti kalata ioneke ngati yankho la nkhani imene inayamba kale. Malangizo a Google kwa otumiza amaletsa zimenezi poyera, ndipo ku America lamulo la CAN-SPAM la mu 2003 limaletsa mitu yosocheretsa pa makalata a malonda. Ina ndi changu chabodza, monga kulemba kuti kwatsala maola ochepa pamene mtengo ukhalapo mwezi wonse. Tsiku lenileni lotsekera ndi uthenga wothandiza, koma tsiku lopeka limagwira ntchito kamodzi kokha. Tizithunzi ta nkhope zosekerera ndi makombola sitiletsedwa, ngakhale kamodzi n'kokwanira, ndipo kasalowe m'malo mwa mawu, chifukwa mafoni ena amaonetsa kabokosi kopanda kanthu pamalo pake.

Oyenera kulandira kalata

Mutu wabwino wotumizidwa kwa anthu olakwika umabweretsabe madandaulo. Pa maadiresi 1,200 a sitolo ya ku Limbe, mwina 400 ndi a anthu amene anagula m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, 500 ndi a amene anagula kale koma anavomera okha kulandira makalata, ndipo 300 ndi otoledwa m'malo osiyanasiyana popanda eni ake kuvomera. Gulu lachitatuli lisalandire kalikonse. Ndi mmene mumakhala maadiresi akufa amene amabweza makalata, komanso anthu amene sadziwa sitoloyo. Gulu loyamba lilandire poyamba, chifukwa ndi limene lingatsegule ndi kuyankha, ndipo lachiwiri litsatire patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndi mutu wolikumbutsa ubale wake ndi sitolo, monga "Munagula yunifolomu kwathu: nsapato zatsika".

Makalata otere asatumizidwe kuchokera ku adiresi yaulere ya Gmail poika maadiresi mazanamazana pa Bcc. Gmail yaulere ili ndi malire a makalata 500 pa tsiku, ndipo njirayi ilibe linki yodzichotsera pa mndandanda. Munthu amene sakufunanso makalata akasowa linki imeneyo, batani limene latsala pafupi ndi la sipamu. Kudzichotsa kwa munthu sikuipitsa mbiri ya wotumiza monga momwe dandaulo limaipitsira, choncho linkiyo ikhale poonekera. Amene ali ndi makasitomala ku South Africa kapena ku Britain akumbukirenso kuti malamulo a kumeneko, la POPIA ndi la PECR, amafuna chilolezo cha munthu asanatumiziridwe makalata a malonda, kupatula pa zochitika zina zokhudza makasitomala akale.

Kuyesa ndi kuzindikira cholakwika

Kalata isanapite kwa makasitomala, itumizidwe kaye ku maadiresi oyesera a Gmail, Yahoo ndi Outlook, ndipo ikaonedwe pa foni kuti zidziwike pamene mutu ukudukira. Mu Gmail ya pa kompyuta, kusankha Show original pa kalata yotsegulidwa kumaonetsa ngati SPF, DKIM ndi DMARC zalembedwa PASS. Ngati chimodzi chalembedwa FAIL, kusintha mutu sikuthandiza kanthu. Ntchito imeneyo ndi ya amene amasamalira domeni ya sitolo.

Ngati zitsimikizo zili bwino koma kalata yagwerabe ku sipamu, chinthu chimodzi chokha chisinthidwe pa kuyesa kulikonse. Choyamba, kalata yomweyo itumizidwenso ndi mutu wamba, monga "Mitengo ya nsapato". Ikalowa m'bokosi, vuto linali mutu. Ikagweranso ku sipamu, mutu woyamba uja utumizidwe ndi kalata ya mawu ochepa yopanda zithunzi ndi malinki. Imeneyi ikadutsa, vuto lili m'kati mwa kalata, ndipo kawirikawiri limakhala linki yofupikitsidwa, kapena kalata imene yonse ndi chithunzi chimodzi cha posita popanda mawu olembedwa. Zonse ziwiri zikalephera, ndiye kuti mbiri ya wotumiza ndi imene yada, ndipo mankhwala ake ndi kutumiza makalata ochepa kwa anthu okhawo amene amatsegula ndi kuyankha, kwa masabata angapo. Gmail imalembanso chifukwa chachidule pamwamba pa kalata iliyonse imene ili ku sipamu, ndipo ndi bwino kuchiwerenga.

Kalata imene yalowa pa gawo la Promotions mu Gmail sinagwere ku sipamu. Magawo amenewa anayamba mu 2013, ndipo limeneli ndi la makalata a malonda amene alandiridwa bwinobwino. Kuvutika kubisa malonda kuti kalata ioneke ngati ya mnzake wa munthu n'kutaya nthawi, ndipo kumafikitsa wolemba ku mitu yosocheretsa ija.

Poyerekeza mitu iwiri, gulu la anthu 400 lingagawidwe pawiri, 200 alandire wa mtengo ndipo 200 alandire wa kutsegulidwa kwa sukulu. Zotsatira zake ziwerengedwe mosamala. Kuyambira mu 2021 pulogalamu ya Mail ya pa zipangizo za Apple imatha kukopera zithunzi za kalata mwini wake asanaitsegule, zimene zimachititsa kuti kalata iwerengedwe ngati yatsegulidwa, choncho chiwerengero cha otsegula chimakhala chokwera kuposa zenizeni. Odina linki, oyankha, odzichotsa ndi obwera kudzagula ndiwo amanena zoona. Komanso pa magulu ang'onoang'ono chotere, kusiyana kwa anthu atatu kapena anayi sikutsimikizira kuti mutu wina waposa unzake. Pamafunika kusiyana kwakukulu, kapena kusiyana kumene kwabwerezeka pa makalata angapo.

Pa nthawi yonse ya selo, makalata awiri kapena atatu ndi okwanira: yolengeza, yokumbutsa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mwina ina pakati ngati pabwera katundu watsopano. Iliyonse ikhale ndi mutu wakewake wonena chimene chasintha, monga "Mawa ndi tsiku lomaliza la K20,000", ndipo amene agula kale nsapato achotsedwe pa mndandanda wa kalata yokumbutsayo.